NT-proBNP ndi troponini zakwera mwa mayi wobanika: kodi vuto ndi mtima?

WodiYaAmayi

Ndikupempha nzeru kwa anzanga a m'gulu lino. Usiku wathawu tinagoneka mayi wa zaka 68 amene wakhala akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Anabwera akubanika, atatha masiku anayi akutsokomola komanso akutentha thupi. Thupi linatentha kufika 38.9, ankapuma ka 32 pa mphindi, mtima unkagunda ka 118, BP inali 104/62, ndipo okosijeni anali 86 peresenti asanaikidwe pa makina. Nditamvetsera pachifuwa ndinamva kuthetheka m'munsi mwa phapo la kumanja kokha, koma mapazi anali otupa pang'ono. Mwana wawo wamwamuna anatenga magazi kupita nawo ku labu yolipira m'tauni, ndipo zotsatira zabwera motere: NT-proBNP 1,350 pg/mL, troponini T 62 ng/L, kiriyatinini 210 µmol/L, Hb 8.1. Mwanayo wawerenga papepalapo kuti manambala awiri a mtima aikidwa chizindikiro chofiira, ndipo akufunsa chifukwa chake sitikupereka mankhwala a mtima. Ine ndinayamba ndi sefitiriyakisoni ndi okosijeni poganiza kuti ndi chibayo, koma tsopano ndikukayika. Kodi ndipereke lasikisi, asipirini ndi heparini?

MphunziChakaChachinayi

Momwe tinaphunzirira, kwa munthu wa zaka pakati pa 50 ndi 75, NT-proBNP ikapitirira 900 ndiye kuti mtima walephera kupopa bwino. Mayiwa ali pa 1,350 ndipo mapazi atupa, choncho ine ndikanapereka lasikisi. Troponini T ikapitirira 14 ndiye kuti yakwera, ndipo 62 ndi kupitirira kanayi, motero asipirini ndikuona kuti ndi woyenera.

DotoloWaMtima

A MphunziChakaChachinayi, manambala amene mwatchulawo ndi olondola, koma ntchito imene mwawapatsa ndi yaikulu kuposa imene angathe. Tiyambe ndi chimene muyesowu umaona. Minofu ya zipinda zam'munsi za mtima ikakokedwa chifukwa cha kuchuluka kwa magazi kapena kukwera kwa mphamvu yokankha mkati mwake, imatulutsa puloteni ina imene imaduka pawiri. Chidutswa chimodzi ndi BNP, imene imathandiza impso kutaya mchere ndi madzi, ndipo chinacho ndi NT-proBNP, chimene sichigwira ntchito m'thupi koma chimakhalitsa m'magazi ndiye chimayezeka mosavuta. Nambala ikakwera, imatiuza kuti khoma la mtima lakokedwa, koma sitiuza chimene chalikoka. Likhoza kukokedwa chifukwa mtimawo wafooka, komanso likhoza kukokedwa chifukwa mtima wabwinobwino ukugunda ka 118 pofuna kuzungulitsa magazi ochepa m'thupi lotentha limene mapapo ake sakulowetsa mpweya wokwanira.

Mphamvu yeniyeni ya muyesowu ili pa nambala yotsika. Munthu wobanika mwadzidzidzi akakhala ndi NT-proBNP yochepera 300, kapena BNP yochepera 100, kulephera kwa mtima kumakhala kokayikitsa kwambiri, ndipo mumatha kutembenukira ku mapapo ndi mtima wokhazikika. Nambala yokwera ilibe mphamvu yoteroyo, n'chifukwa chake malire ake amasintha ndi zaka: 450 kwa osakwana zaka 50, 900 kwa a zaka 50 mpaka 75, ndi 1,800 kwa opitirira zaka 75. Malire amenewa sawerengera impso, ndipo apa ndi pamene mayi athuwa akusiyana ndi buku. NT-proBNP imachoka m'magazi makamaka kudzera mu impso, ndipo kiriyatinini wa 210 mwa mayi wa zaka 68 akusonyeza kuti impso zikusefa pang'ono kwambiri, eGFR yongopitirira 20. Mukaphatikiza impso zoterezi, Hb ya 8.1 ndi matenda olowa m'magazi, 1,350 ndi nambala imene ine ndingaiyembekezere ngakhale popanda madzi m'mapapo. Mtima wolephera kwenikweni mwa munthu wobanika chonchi kawirikawiri umapereka masauzande angapo.

A WodiYaAmayi, ndikupempha kuti mubwerere pabedi musanatsegule lasikisi. Mayiwo akhale chotsamira pang'ono, ndipo muone ngati mitsempha ya m'khosi yadzaza. Afunseni ngati masabata apitawa ankatha kugona chagada, kapena ankadzuka usiku akusowa mpweya. Kuthetheka kwa mbali imodzi ndi thupi lotentha zikuloza chibayo, ndipo BP ya 104/62 mwa munthu amene anazolowera BP yokwera ndi yotsika kale. Lasikisi pamenepa akhoza kuumitsa impso zimene zavulala kale.

MphunziChakaChachinayi

Ndamva za impso, adokotala, koma nanga mapazi otupawo tiwaika pati?

NamwinoWaUsiku

Mapazi otupa okha sakwanira kutsutsa mtima. Mayi wachikulire amene watha masiku anayi akugona chokhala chifukwa cha chifuwa amatupa mapazi, ndipo wodwala impso amatupanso. Funsaninso mankhwala a BP amene amamwa, chifukwa amulodipini amatupitsa mapazi mwa anthu ambiri amene timawaona.

WodiYaAmayi

Ndabwerako pabedi. Mitsempha ya m'khosi sinadzaze, lilime ndi louma, ndipo mwana wawo wamkazi amene akuwadwazika akuti asanadwale ankagona pa pilo mmodzi ndipo ankalima dimba lawo. A NamwinoWaUsiku mwalasa, m'buku mwawo mwalembedwa amulodipini. Ekisire ikusonyeza mthunzi m'munsi mwa phapo la kumanja, mtima wakula pang'ono. ECG ikusonyeza mtima wothamanga koma wogunda molongosoka, popanda ST kukwera. Lasikisi ndamusiya kaye. Chimene chikundisowetsabe mtendere ndi troponini.

AchimweneAkuLabu

Troponini woyezedwa kamodzi amanena zochepa kwambiri. Tenganinso magazi pakadutsa maola atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo apite ku labu yomweyo ndi makina omwewo, chifukwa troponini T ndi troponini I sayerekezedwa, ndipo ngakhale makina awiri oyeza troponini I amakhala ndi malire osiyana. Muonetsetsenso mayunitsi. Malabu ena amalemba ng/mL ndipo ena ng/L, kotero 0.062 ng/mL ndi 62 ng/L ndi chinthu chimodzi. Ndinaonapo wodwala akuthamangitsidwa naye ku chipatala chachikulu chifukwa wina anayerekeza mapepala awiri a mayunitsi osiyana n'kuganiza kuti nambala yakwera kasauzande.

DotoloWaMtima

Ndikugwirizana ndi AchimweneAkuLabu, ndipo ndikufuna kukhalitsa pang'ono pa mawu akuti kukwera kwabodza, amene timawagwiritsa ntchito mosasamala m'mawodi. Mwa mayiwa, troponini wa 62 mwachidziwikire si wabodza. Troponini ali m'kati mwa maselo a minofu ya mtima, ndipo akapezeka wochuluka m'magazi ndiye kuti maselo ena avulala. Chimene chingakhale chabodza ndi chiganizo chathu chakuti kuvulala kulikonse kwabwera chifukwa mtsempha wodyetsa mtima watsekeka ndi magazi oundana. Tanthauzo lachinayi la matenda a kufa kwa minofu ya mtima limene mabungwe a madokotala a mtima anagwirizana mu 2018 linasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Troponini wopitirira malire amatchedwa kuvulala kwa minofu ya mtima basi. Kuti tinene kuti minofu yafa chifukwa chosowa magazi, pamafunika kuti nambala ikhale ikukwera kapena kutsika, komanso pakhale umboni wina monga kupweteka kofinya pachifuwa, kusintha kwatsopano pa ECG, kapena mbali ya khoma la mtima imene yasiya kuyenda pa eko.

Taganizani zimene mtima wa mayiwa wakhala ukupirira. Okosijeni ali pa 86, magazi onyamula okosijeniyo ndi ochepa, BP yatsika, ndipo mtima ukuthamanga. Mitsempha yodyetsa mbali ya kumanzere ya mtima imadzaza makamaka panthawi imene mtima ukupumula pakati pa kugunda kuwiri, ndipo mtima ukathamanga nthawi imeneyi imafupika. Chofunika chakwera, chobwera chatsika, ndiye maselo ena akudontha troponini ngakhale mitsempha ili yotseguka. Sepisisi payokha imavulazanso maselo a mtima mwachindunji. Zomwezi timaziona mwa odwala sitiroko, makamaka magazi akatayikira mozungulira ubongo, mwa amene magazi oundana atseka mitsempha ya m'mapapo, ndiponso mwa odwala impso kwa nthawi yaitali.

Kusiyanitsaku kuli ndi mtengo wake pabedi. Mukapereka heparini ndi asipirini kwa mayi wa Hb 8.1 amene sitikudziwa chimene chachepetsa magazi ake, ndipo impso zake sizingachotse bwino enokisaparini, mukhoza kuyambitsa kutaya magazi pofuna kuchiza mtsempha umene sunatsekeke. Koma ndisakusiyeni ndi maganizo akuti nambalayi ilibe kanthu. Wodwala chibayo amene troponini wake wakwera amakhala pa chiopsezo chachikulu kuposa amene sanakwere, choncho mayiwa agone pafupi ndi tebulo la anamwino, ndipo ECG ibwerezedwe.

Wothamanga42

Pepani polowerera, ine si wachipatala. Ndimathamanga mitunda yaitali, ndipo chaka chatha nditamaliza mpikisano wa makilomita 42 ndinachita chizungulire n'kupita kuchipatala, kumene anandiuza kuti troponini wanga wakwera. Tsiku lotsatira anabwereza n'kunena kuti watsika ndipo ananditulutsa. Kodi zimene mukunenazi zikutanthauza kuti mtima wanga unawonongeka ndipo ndisiye kuthamanga?

DotoloWaMtima

A Wothamanga42, zimene zinakuchitikirani zimadziwika bwino. Anthu ambiri omaliza mpikisano wotalika chonchi troponini wawo amakwera pang'ono kwa maola angapo, kenako amabwerera m'malo mwake pakadutsa tsiku limodzi kapena masiku awiri kapena atatu. Mtsempha ukatsekeka zimasiyana, chifukwa troponini amakwera kwambiri ndipo amatha kukhala wokwera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma sindingakuuzeni pano kuti mupitirize kapena musiye popanda kukuonani. Ngati chizungulirecho chinabwera muli mkati mothamanga osati mutaima, kapena munamva kufinya pachifuwa, kapena pali wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, pitani mukayezedwe ECG ndi eko musanalowe mpikisano wina.

KuChigwa

Ine ndikuona kuti tathamangira kunena kuti ndi chibayo chokha. Mayi amene wakhala pansi masiku anayi, mtima ukuthamanga, okosijeni watsika, mapazi atupa, NT-proBNP ndi troponini zonse zakwera pang'ono, ameneyu akhozanso kukhala ndi magazi oundana m'mitsempha ya m'mapapo. Mbali ya kumanja ya mtima ikamakankha molimbana ndi mtsempha wotsekeka imakokedwa n'kutulutsa zinthu ziwiri zomwezi. Ngati zili choncho, heparini amene tikumukanayu ndiye mankhwala ake.

DotoloWaMtima

Mfundo yanu ndi yolemera, a KuChigwa, ndipo mayeso awiriwa sangaithetse, chifukwa sasiyanitsa mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Chimene chikundikokera ku chibayo ndi kutentha kwa 38.9, chifuwa cha masiku anayi ndi mthunzi wa pa ekisire. Komabe a WodiYaAmayi ayeze kukula kwa akatumba a miyendo yonse iwiri, ndipo ngati pali woyeza ndi sikani aone mitsempha ya m'ntchafu ndi kukula kwa chipinda cha kumanja cha mtima. D-dimer pano sathandiza, chifukwa adzakwera ndi chibayo chomwecho.

KuChigwa

Ndikuvomera kuti D-dimer ndi kutaya ndalama pamenepa, koma sindinakhutire. Mthunzi wa m'munsi mwa phapo ukhozanso kukhala mbali ya phapo imene yafa chifukwa cha mtsempha wotsekeka. Okosijeni akapanda kusintha pakatha masiku awiri a mankhwala, ndidzabwerezanso mawu angawa.

MwanaWaMalume

Malume anga ali pa dayalisisi kwa zaka zitatu tsopano, ndipo nthawi iliyonse akayezedwa troponini T amapezeka wokwera, pafupifupi pamalo amodzimodzi. Tsiku lina anabanika usiku, tinapita nawo kuchipatala china chimene sichinkawadziwa, ndipo anatiuza kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Banja lonse linasonkhana, ena anachoka kumudzi usiku womwewo. M'mawa dokotala wa impso atayerekeza ndi mapepala akale anapeza kuti nambala sinasinthe, ndipo chimene chinawabanikitsa anali madzi ochuluka chifukwa anadumphitsa tsiku la dayalisisi. Kuchokera tsiku limenelo ndimayenda ndi chithunzi cha zotsatira zawo zakale m'foni. Ndikufunsa ngati pali njira yodziwira tsiku limene kudzakhale kutsekeka kwenikweni, popeza nambala yawo ndi yofiira masiku onse.

AchimweneAkuLabu

Njira yake ndi yomwe mukuchitayo, a MwanaWaMalume. Kwa munthu amene nambala yake imakhala yokwera nthawi zonse, timayang'ana kusintha pakati pa miyeso iwiri yotalikirana maola angapo. Kusintha kopitirira 20 peresenti ndiko kumaloza chinthu chatsopano, makamaka ngati pali kupweteka pachifuwa kapena ECG yasintha.

Ndiwonjezere za kukwera kumene kuli kwabodza zenizeni, kumene mtima ulibe mbali konse, popeza adokotala akutchula koma sanakufotokoze. Makina amagwira troponini pakati pa maantibodi awiri opangidwa ku fakitale, ndipo chilichonse chimene chingalumikize awiriwo popanda troponini chimapereka nambala yokwera. Magazi akazungulitsidwa asanaundane bwino m'chubu, timaulusi ta fibirini timatsalira ndipo timasokoneza makina. Izi zimatha mukazungulitsanso n'kuyeza kachiwiri. Anthu ena ali ndi maantibodi awoawo m'magazi amene amamatirira ku maantibodi a makina, ndipo ena troponini wawo amamangika ku antibodi n'kukhalitsa m'magazi osachoka. Muziganizira zimenezi mukaona munthu wooneka bwino, ECG yabwino, eko yabwino, impso zabwino, koma nambala yokwera yosasuntha kwa masabata. Tikauzidwa, timasungunula magaziwo ndi kuona ngati nambala ikutsika molingana ndi kusungunulako, kapena timawatumiza ku makina a kampani ina. Palinso odwala matenda a minofu ya m'thupi, monga kutupa kwa minofu kwa nthawi yaitali, amene troponini T wawo amakwera pamene troponini I ali bwinobwino, ndipo kwa iwowa kuyeza troponini I kumathetsa mkangano. Mwa mayi a WodiYaAmayi sindikuganiza zimenezi, chifukwa zifukwa zomveka zilipo kale zokwanira.

NamwinoKuMangalande

Kuno kumene ndikugwira ntchito, NT-proBNP imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi madokotala a m'madera posankha amene apite msanga ku eko. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo kuno ku Mangalande, amati nambala ikakhala pakati pa 400 ndi 2,000 wodwala aonedwe mkati mwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo ikapitirira 2,000 aonedwe mkati mwa masabata awiri. Kodi pamenepa 1,350 si yokwanira kunena kuti mayiwa akufunika eko?

DotoloWaMtima

Eko akufunika ndithu, koma manambala amene mwatchulawo anakonzedwera munthu wobwera akuyenda yekha amene wakhala akubanika pang'onopang'ono kwa miyezi, osati wogonekedwa ndi thupi lotentha. Kusakaniza malire a magulu awiriwa ndi kumene kumasokoneza ambiri.

Popeza ndinayamikira nambala yotsika, ndiyenera kunenanso pamene imanamiza, chifukwa kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Anthu onenepa kwambiri amakhala ndi BNP yotsika kuposa mmene mtima wawo ulili, mwakuti ambiri amadula malire pakati poyeza munthu wotero. Chachiwiri ndi thumba lokuta mtima. TB ikalowa m'thumba limeneli, madzi amadzazamo kapena thumbalo limauma n'kukhala ngati chigoba. Wodwala amatupa mimba ndi miyendo, mitsempha ya m'khosi imadzaza mpaka pansi pa khutu, koma popeza mtima wapanikizidwa kuchokera kunja sungathe kukokedwa, ndiye NT-proBNP imakwera pang'ono chabe poyerekeza ndi kudwala kwake. Ndinaonapo mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene ankapatsidwa mankhwala ngati wodwala chiwindi kwa miyezi chifukwa nambala yake inali yosachititsa mantha, pamene khosi lake linkanena zonse. Khomo la mitiralo lopanikizika chifukwa cha matenda a rumatiki limachitanso zofanana, popeza chipinda cham'munsi cha kumanzere sichidzaza mokwanira kuti chikokedwe.

WodiYaAmayi

Troponini wachiwiri, wotengedwa patatha maola asanu ndi limodzi ndi kuyezedwa pa makina omwewo, wabwera 66 ng/L. Kuchoka pa 62 kufika pa 66 ndi kusintha kosakwana 10 peresenti. ECG yachiwiri sinasinthe ndipo mayiwo akukana kuti pachifuwa pakufinya. Akatumba a miyendo ndi ofanana. Ndinapereka madzi a m'diripi mamililita 250 pang'onopang'ono, ndikumvetsera pachifuwa ndisanawonjezere ena, ndipo BP yafika 116/70, mkodzo wayamba kutuluka bwino. Amulodipini ndamuimitsa kaye. Mwana wawo ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti mtima wa mayi ake watopa chifukwa cha chibayo, ndipo kuti kuchiza chibayocho ndiko kuupeputsira katundu.

MphunziChakaChachinayi

Ndiye tinganene motsimikiza kuti mtsempha sunatsekeke?

DotoloWaMtima

Motsimikiza kotheratu ayi. Munthu akabwera mochedwa, patatha tsiku kapena kupitirira chitsekekereni mtsempha, troponini amatha kukhala pamwamba osasuntha kwambiri pakati pa miyeso iwiri, ndipo okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva kupweteka. Koma pamenepo nambala kawirikawiri imakhala m'mahandiredi kapena masauzande, ndipo ECG imakhala itasiya chizindikiro. Nambala ya 62 kenako 66, ndi ECG ziwiri zosasintha, zikugwirizana bwino ndi impso zofooka ndi mtima wopanikizika ndi matenda a m'mapapo.

WodiYaAmayi

Lero ndi tsiku lachisanu chigonekereni mayiwa. Kutentha kunatha pa tsiku lachitatu, okosijeni ali pa 94 peresenti popanda makina, ndipo kiriyatinini watsika kufika 138. Eko yachitika dzulo: khoma la chipinda cha kumanzere ndi lokhuthala monga mwa munthu wa BP ya zaka zambiri, likufinya bwino mbali zonse, chipinda cham'mwamba cha kumanzere chakula pang'ono, mbali ya kumanja ndi yabwino, ndipo m'thumba mulibe madzi. Hb ikadali 8.3 ndipo tayamba kufufuza chifukwa chake.

KuChigwa

Mbali ya kumanja yabwino ndi kuchira kotereku zandichotsa nkhawa yanga. Koma khoma lokhuthala ndi chipinda cham'mwamba chokula zikhoza kutanthauza mtima wouma umene umafinya bwino koma sudzaza bwino, ndipo mwina mbali ina ya 1,350 ija inali ya mtima ndithu. A MphunziChakaChachinayi mwina sanaphonye kotheratu.

DotoloWaMtima

Zimenezo n'zotheka, ndipo lero sitingazidziwe. Mayiwa abwere ku kiliniki pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, chibayo chitatheratu ndipo impso zitakhazikika. Ngati banja lingakwanitse, NT-proBNP ibwerezedwe pamodzi ndi kiriyatinini tsiku lomwelo, ndipo afunsidwe ngati akubanika akamapita ku dimba. A WodiYaAmayi, lembani m'buku mwawo manambala onse awiri a troponini, mtundu wake ndi mayunitsi ake, pamodzi ndi kiriyatinini wa tsiku limene anagonekedwa.

WodiYaAmayi

Ndalemba zonse m'buku ndipo mwana wawo wajambula tsambalo. Akutuluka mawa m'mawa, ndipo tsiku la ku kiliniki taika pakatha masabata asanu ndi limodzi.